“Mukundimva?” Kuphunzitsa anthu 48 osawaona nkhope

Nthawi ili 10:20 m'mawa. M'kachipinda kena ka ofesi ku Lilongwe, mayi wina wakhala moyang'anizana ndi laputopu yomwe waisanjika pa mabuku awiri kuti kamera ifike m'maso. Wayankhula kwa mphindi 12 osalekeza. Pa sikirini palibe nkhope ngakhale imodzi. Pali mndandanda wa mayina okha, ndi nambala pakona: 48.

Anthu 48 amenewa ndi alangizi a magulu a banki mkhonde. Ena ali ku Mzimba, ena ku Dedza, ena ku Nsanje. Ambiri alowa pa foni.

Kaya akumvetsera, kaya akuchapa, kaya foni ili m'thumba mwini wake ali pa kabaza, palibe akudziwa.

Pambali pa mayiyu pakhala mnyamata ndi laputopu yake. Iye saphunzitsa. Ntchito yake ndi kuwerenga zomwe anthu akulemba mu Chat, kubwezeretsa omwe netiweki yawataya, ndi kutulutsa mafunso ovotera nthawi yake ikakwana.

“Achimwene, tulutsani funso lachiwiri,” akutero mayiyu.

Mnyamatayo adina Launch. Pa foni ya aliyense patuluka kabokosi: mayi wabwereka K50,000 ku gulu kwa miyezi itatu, chiwongoladzanja ndi 10 pa 100 mwezi uliwonse, ndipo chikuwerengedwa pa ndalama yomwe anatengayo basi. Abweza zingati zonse pamodzi? Mayankho alipo anayi: K55,000, K65,000, K66,550, ndi lomaliza loti “Sindikudziwa”.

Mphunzitsiyo aliwerenga funsolo mokweza kamodzi, kenako akhala chete.

Chete ameneyu ndi wowawa. Masekondi 15 atha, avota anthu atatu okha. Ine amene ndangobwera kudzaonerera ndayamba kale kutekeseka pampando. Iye ali phee, akumwa madzi. Pofika sekondi ya 40 nambala yayamba kuthamanga, ndipo mphindi itakwana avota anthu 36.

Olondola, omwe asankha K65,000, alipo 16. Anthu 14 asankha K55,000. Anayi asankha K66,550, ndipo awiri avomera kuti sakudziwa.

Mayiyu ayang'ana pepala la dongosolo lake. Gawo lotsatira linali la zindapusa za obweza mochedwa. Atenga cholembera n'kulisunthira kutsogolo.

Funso limodzi lasintha phunziro lonse.

Misonkhano yotereyi inatilowerera mwadzidzidzi. Sukulu za m'Malawi zinatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha mliri wa korona, misonkhano ya m'mahotela ku Mponela ndi ku Salima inaima, ndipo aliyense anathamangira pa intaneti. Kampani ya Zoom inalengeza kuti olowa misonkhano yake pa tsiku anachoka pa 10 miliyoni mu Disembala 2019 kufika pa 300 miliyoni mu Epulo 2020. Mliri unapita, koma webina inatsala, chifukwa bungwe lililonse linazindikira kuti kugulira anthu bandulo n'kotchipa kusiyana ndi kulipira thiransipoti, malo ogona ndi alawansi.

Chomwe ambiri anachita ndi kunyamula msonkhano wa mu holo momwe ulili n'kuutsanulira mu kompyuta: munthu mmodzi, masilaidi 60, maola awiri, mafunso kumapeto.

Mu holo zimenezi zimapiririka, chifukwa wophunzitsa ali ndi maso. Akaona wina akuyasamula, wina akukanda m'mutu, amadziwa kuti pano ndibwereze. Pa webina maso amenewo palibe. Funso loti “mukundimva?” limangotsimikiza kuti maikolofoni ikugwira ntchito. Funso loti “pali funso?” limayankhidwa ndi chete, ndipo chete wa munthu amene wamvetsa ndi wa amene wapita kukatunga madzi amamveka chimodzimodzi.

Zoom inali ndi kachida koonetsa woyendetsa msonkhano ngati wina watha masekondi 30 ali pa tsamba lina pamene masilaidi akuonetsedwa. Anthu anadandaula kuti kumeneko n'kuzonda, ndipo kampaniyo inakachotsa mu Epulo 2020. Ine sindikalira. Kudziwa kuti munthu wayang'ana sikirini sikukuuza ngati akudziwa kuwerengera chiwongoladzanja.

Funso lovotera ndilo limakuuza, koma likakhala lopangidwa bwino.

Taonaninso mayankho a funso lija. Palibe lomwe linangoikidwapo kuti mzere udzaze. Wosankha K55,000 wawerengera chiwongoladzanja cha mwezi umodzi n'kuiwala miyezi iwiri inayo. Wosankha K66,550 wachita masamu ambiri kuposa anzake onse: waika chiwongoladzanja pamwamba pa chiwongoladzanja, K55,000 mwezi woyamba, K60,500 wachiwiri, K66,550 wachitatu, zomwe funsolo silinapemphe. Yankho lolakwika lililonse likuloza poterera pake. Mphunzitsi akaona anthu 14 pa K55,000 sadziwa chabe kuti alakwa, amadziwa pomwe agwera.

Yankho loti “Sindikudziwa” nalonso lili ndi ntchito. Likasowa, wosadziwa amangolota, ndipo maloto ake amadetsa chiwerengero.

Mayiyu anaikanso chizindikiro choti mavoti akhale achinsinsi. Pa gulu lomwe muli mkulu wa ntchito ndi omutsatira ake, munthu salola dzina lake kuoneka pa yankho lolakwika. Amasankha kusavota.

Tsopano chomwe anachita ndi zotsatira zija n'chomwe chinandigwira mtima. Anatseka voti ndi End Poll, koma Share Results sanadine. Anangouza anthu kuti gulu lagawanika pakati, napempha kuti aliyense wofuna alembe mu Chat m'mene wawerengera, mzere umodzi kapena iwiri. Kwa mphindi zinayi mauthenga anasefukira. Mnyamata uja anawerenga mokweza awiri otsutsana. Kenako bambo wina wa ku Dedza anakweza dzanja, napatsidwa maikolofoni, n'kufotokoza ngati akuuza gulu lake pansi pa mtengo: K5,000 mwezi uno, K5,000 mwezi wamawa, K5,000 winawo, kuphatikiza ndalama yomwe unatenga.

Atatha bamboyo, kunabwera funso lina la mtundu womwewo koma manambala osiyana: K80,000 kwa miyezi iwiri. Ulendo uno 31 mwa anthu 37 anapeza K96,000.

Njira imeneyi ili ndi mwini wake. Eric Mazur, mphunzitsi wa sayansi ya fizikisi pa yunivesite ya Harvard ku Amereka, anaiyamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 atazindikira kuti ophunzira ake akukhoza masamu a m'buku koma akulephera mafunso osavuta ofuna kumvetsa. Amafunsa funso, aliyense avote payekha. Olondola akachuluka kwambiri, amafotokoza mwachidule n'kupitirira. Akachepa kwambiri, amabwereza phunzirolo. Akakhala pakatikati, cha pakati pa 30 ndi 70 pa 100, amawauza kuti akambirane okhaokha kenako avotenso. Anthu 16 mwa 36 ndi 44 pa 100, mkati mwenimweni mwa mpata umenewo.

Chifukwa chobisira zotsatira poyamba n'chodziwika kwa aliyense amene anakhalapo pa msonkhano wa m'mudzi. Anthu akaona komwe kwapita ambiri, amatsatira komweko, ndipo kukambirana kumatha kusanayambe.

Kugwiritsa ntchito manambala atsopano pa funso lotsatira lija kulinso ndi phindu lina laling'ono. Pa Zoom, ukatulutsanso funso lomwelo kachiwiri, mayankho oyamba amafufutika. Wofuna kuyerekeza mavoti awiriwo pambuyo pake ayenera kukonzeratu mafunso awiri osiyana, usiku wake, osati anthu ali kudikira.

Nanga mafunso otere abwere pafupipafupi bwanji?

Pali mawu omwe amayenda m'maphunziro a aphunzitsi, oti munthu amamvetsera mphindi 10 kapena 15 zokha kenako maganizo amathawa. Karen Wilson ndi James Korn anafufuza gwero la mawu amenewa mu 2007 ndipo anapeza kuti umboni wake ndi wochepa. Choncho si lamulo la chilengedwe. Nkhani yokoma imagwira munthu ola lathunthu, yosakoma imamutaya pa mphindi yachitatu.

Chomwe chili ndi umboni wooneka ndi ntchito ya mafunso apakati. Mu 2013, Karl Szpunar, Novall Khan ndi Daniel Schacter a ku Harvard anaonetsa ophunzira vidiyo ya phunziro la mphindi 21 yodulidwa magawo anayi. Ena amafunsidwa mafunso gawo lililonse likatha, ena ayi. Ofunsidwawo maganizo awo amayendayenda pafupifupi theka la momwe amachitira anzawo, amalemba manotsi ambiri, ndipo anakhoza bwino mayeso omaliza. Munthu akadziwa kuti funso likubwera, amakhala tcheru lisanabwere.

N'chifukwa chake pepala la mayi uja linalibe gawo loyankhula lopitirira mphindi 13. Dongosolo lonse linali la mphindi 90. Mphindi zisanu ndi zitatu zoyamba zinali za malonje ndi funso loyeserera, loti mwalowa pa foni kapena pa kompyuta. Funso limenelo silinali loseweretsa: limaphunzitsa anthu podina, komanso limauza mphunzitsi kuti ambiri akuona masilaidi pa kagalasi kotalika ngati chikhatho. Kenako gawo loyamba, funso, kukambirana, funso lina, gawo lachiwiri, ndipo 10:40 buleki.

Mafunso onse pamodzi analipo asanu ndi limodzi. Kuchulukitsa kuposa apo kumatopetsa, makamaka akakhala mafunso omwe yankho lake silisintha kanthu. Ndinalowapo webina ina yomwe mphindi zisanu zilizonse amatifunsa ngati tikusangalala ndi phunziro. Pofika funso lachinayi tinali titasiya kudina, ndipo woyendetsa anapitiriza masilaidi ake ngati kuti sanafunse n'komwe. Anthu amazindikira msanga ngati voti yawo ikupita kudzala.

Pa 10:40 ndendende mayiyu anaima, ngakhale gawo lachiwiri linali lisanathe bwino.

Sananene kuti tipume pang'ono. Sananenenso kuti tipume mphindi 10 n'kusiya pomwepo. Anati tibwerera 10:50, ndipo pa sikirini panabwera silaidi yoyera yolembedwa zilembo zikuluzikulu: TIBWERERA 10:50. MUSATULUKE. Munthu amene netiweki inamutaya pa 10:38 n'kubwerera 10:44 akapeza chete wopanda chikwangwani amaganiza kuti msonkhano watha, ndipo amapita. Akapeza chikwangwanicho amadziwa kuti ali ndi mphindi zisanu ndi imodzi.

Pa webina yomwe muli anthu a m'mayiko angapo, nthawiyo imafuna kulembedwa kawiri. Lilongwe, Lusaka, Harare, Tete ndi Joni onse ali pa ola limodzi. Koma wa ku Nairobi ali patsogolo ndi ola limodzi, ndipo wa ku Mangalande ali m'mbuyo ndi ola limodzi m'miyezi yawo yotentha, maola awiri m'miyezi yozizira.

Mnyamata uja anachita zinthu zitatu mwachangu: anaimitsa kaye kujambula, anatseka maikolofoni ya mphunzitsi, anazimitsa kamera. Yachiwiriyo musaipeputse. Zomwe aphunzitsi amayankhula pa buleki poganiza kuti palibe akumva zawonongetsa maubale ambiri.

Nyimbo sanaike. Vidiyo yotsatsa bungwe sanaike. Mafunso a mu Chat sanayankhe, ngakhale ena anali akulowabe. Mayiyu anandiuza kuti kale amayankha mafunso pa buleki poganiza kuti akuthandiza, mpaka anaona kuti anthu akuopa kuchoka pa foni kuti angaphonye kanthu. Mapeto ake palibe amene amapuma, ndipo omwe anapitadi kuseri amabwerera n'kupeza anzawo ali patsogolo.

Iye mwini anadzuka n'kutuluka panja.

Kutopa kwa pa sikirini kuli ndi zifukwa zake. Jeremy Bailenson wa pa yunivesite ya Stanford analemba mu 2021 zinthu zinayi zomwe zimafooketsa munthu pa misonkhano ya vidiyo: kuyang'anizana ndi nkhope zapafupi nthawi yaitali, kudziona wekha ngati uli pa kalilole tsiku lonse, kukhala malo amodzi osasuntha kuti usatuluke mu kamera, ndi ntchito yomwe ubongo umagwira pomasulira zizindikiro za thupi zomwe pamaso m'pamaso zimamveka zokha. Chaka chomwecho a Microsoft anaveka anthu 14 zipewa zoyeza mafunde a mu ubongo n'kuwalowetsa misonkhano inayi ya theka la ola. Tsiku lina misonkhanoyo inali yotsatizana, tsiku lina inali ndi mpata wa mphindi 10 pakati. Popanda mpata, zizindikiro za kupanikizika zimakwera msonkhano ndi msonkhano. Ndi mpata, sizimaunjikana. Anthu 14 ndi ochepa, ndipo kafukufukuyo anali wa kampani yogulitsa zida za misonkhano yomweyi, koma zomwe anapeza aliyense amene anakhalapo maola awiri pa Zoom amazidziwa ndi msana wake.

Kwathu kuno buleki ili ndi ntchito zina zomwe a ku Stanford sanalembe. Ndi nthawi yothamangira kukagula mayunitsi, yosaka potchajira foni magetsi akazima, yosamukira pachulu pomwe netiweki imakoka. Mphindi zisanu sizikwanira zimenezi. Mphindi 20 n'zambiri: munthu amayamba ntchito ina, ndipo sabwerera.

Mawu oti “musatuluke” nawonso ali ndi masamu ake. Malinga ndi ziwerengero za Zoom, mawu okha amadya makilobiti 60 mpaka 80 pa sekondi, omwe ndi mamegabayiti osapitirira 36 pa ola. Vidiyo ya gulu imafuna pafupifupi megabiti imodzi pa sekondi, kutanthauza mamegabayiti cha m'ma 450 pa ola. Silaidi yongoima, yopanda mawu ndi kamera, imadya zochepa kwambiri, choncho kukhalabe mkati pa buleki sikumaliza bandulo. Kutuluka n'kulowanso ndiko kumataya anthu, chifukwa ulalo wasowa, kapena netiweki yakana. Masamu omwewa ndi amene amachititsa kuti mayiyu asaumirize anthu kuyatsa makamera. Amalola kusaona nkhope, n'kudalira mavoti.

Pa 10:50 sanayambe ndi phunziro. Anayamba ndi funso lovotera, losavuta, lochokera pa zomwe zinanenedwa buleki isanayambe. Nambala ya pakona imati 46, koma m'mphindi yoyamba anavota 22 okha. Anadikira, nawerenganso funsolo. Atafika 34 m'pamene anapitiriza.

Nambala ya pakona imawerenga mafoni. Voti imawerenga anthu.

Ngakhale voti imanama nthawi zina, ndipo woyendetsa ayenera kudziwa mabodza ake. Pa mndandanda uja panali dzina limodzi la ofesi ya ku Mzimba. Mu Chat analemba kuti ali asanu pa laputopu imodzi. Anthu asanu, voti imodzi, ndipo kawirikawiri imakhala ya amene wagwira mbewa. Mayiyu anawauza kuti azikambirana kaye asanadine, ndipo akasiyana maganizo alembe mu Chat. Enanso kabokosi ka funso sikatuluka pa foni zawo, mwina chifukwa pulogalamu ndi yakale kapena netiweki yachedwa. Amenewa amauzidwa kulemba A, B kapena C mu Chat, koma atadikira kuti voti itsekedwe, chifukwa yankho loyamba kuoneka poyera limakoka ena onse.

Pali malire ena ofunika kuwadziwa usanalonjeze anthu. Pa Zoom, mafunso ovotera amafuna kuti woyendetsa akhale ndi akaunti yolipira, ndipo yaulere imadula msonkhano pa mphindi 40. Ena amathawira ku Mentimeter kapena Slido, zomwe zimagwira bwino pa kompyuta, koma wa pa foni ayenera kuchoka pa msonkhano, kutsegula tsamba lina, kulemba nambala, kenako kubwerera. Pa ulendo umenewo ena amasochera. Ena amagwiritsa ntchito voti ya pa gulu la WhatsApp, yomwe inayamba mu 2022 ndipo anthu anaizolowera. Vuto lake ndi loti aliyense amaona amene wasankha chiyani, choncho ndi yabwino posankha tsiku la msonkhano wotsatira, osati poyesa ngati munthu wamvetsa.

Kuchuluka kwa ovota nakonso ndi uthenga. Kukatsika funso ndi funso, kuchoka pa 36 kupita pa 28 kenako 19, pamene nambala ya pakona sikusintha, ndiye kuti anthu achokapo ngakhale mafoni ali mkati. Mankhwala ake si funso lina. Ndi kufupikitsa, kapena kupereka buleki msanga.

Tsiku limeneli sikunatsike. Funso la 11:05, la zindapusa zija zomwe zinasunthidwa, linayankhidwa ndi anthu 35. Kuyambira 11:10 mnyamata uja anawerenga mafunso omwe anakhala akusonkhanitsa kuchokera mu Chat, atawaika m'magulu atatu kuti ofanana ayankhidwe pamodzi. Masilaidi anayi a kagawidwe ka ndalama pakutha pa chaka sanafikiridwe n'komwe, chifukwa mphindi zake zinadyedwa ndi K55,000 ija.

Funso lomaliza linatuluka 11:25: mwa mitu itatu iyi, tiyambe ndi uti sabata yamawa? Kagawidwe ka pakutha pa chaka kanapambana kutali. Apa m'pamene anadina Share Results, kuti aliyense aone zomwe gulu lasankha.

Pa 11:30 anatsanzika. Mayina anayamba kuzimirira pa mndandanda, limodzi limodzi, mpaka kunatsala la ofesi ya ku Mzimba lokha, lomwe mwina eni ake anali atapita kale kukadya. Mnyamata uja anatsitsa lipoti la mavoti. Mayiyu anatenga pepala la sabata yamawa, nalemba pamwamba pake funso loyamba, n'kuyamba kusinkhasinkha mayankho olakwika awiri oti aikepo.